Matemba anga akutalika pa ImageJ kuposa pa veniya, ndalakwitsa pati?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi vuto limene landisowetsa tulo masiku atatu. Ndili chaka chomaliza, ndipo kafukufuku wanga ndi woyeza kutalika kwa matemba a ku Chilwa. Loweruka ndinalawirira ku Kachulu kuti ndikapeze mabwato akukocheza. Nsomba ndi za eni ake ofuna kugulitsa msanga, ndiye sindikanaziyeza imodziimodzi. Ndinkangoyala khumi khumi pa kabolodi kodulirapo ndiwo, rula pambali, n'kujambula ndi foni. Zithunzi zilipo 42. Ndinagulako matemba 20 kuti ndikawayeze ku labu ndi veniya, kachida koyezera kutalika mopanikiza chinthu mbali zonse ziwiri. Tsono ImageJ, pulogalamu yoyezera zinthu pa zithunzi, ikundipatsa manambala aakulu kuposa veniya. Nsomba imene veniya ikuti mamilimita 56, ImageJ ikuti 60. Ya 70 ikuti 75. Palibe ndi imodzi yomwe imene yachepa. Ndithandizeni chonde.

Yamikani: Zithunzizo unazisamutsa bwanji kupita pa laputopu? Ngati unadzitumizira pa WhatsApp, vuto ndi limenelo. WhatsApp imachepetsa chithunzi. Ine zinandionekera chaka chatha, chithunzi cha 4000 x 3000 chinafika chili 1600 x 1200.

Tadala: Ayi Yami, ndinasamutsa ndi kebulo. Pamwamba pa chithunzi, pamene pamalembedwa kukula kwake, pankaoneka 4000x3000 ndisanaike sikelo.

Limbani: Kapena nsombazo zinafota panjira? Ku Kachulu mpaka m'tauni ndi msewu uja si pafupi, dzuwa lilinso pamutu. Nsomba ikauma kapena ikaikidwa mu mankhwala osungira imafupika ndithu.

Tadala: Ndinaganizanso zomwezo achimwene. Nditangomaliza kuyeza ndi veniya ndinazijambulanso ku labu komweko, bolodi yomweyo, rula yomweyo, pasanathe mphindi khumi. Kusiyana kwake n'komweko.

Che Jafali: Pepani ndilowererepo. Ine ndimasindikiza zithunzi ndi makhadi aukwati m'tauni muno, ndiye mapikiselo ndi masentimita ndi chakudya changa. Zimenezi siziyendera rula, zimayendera `dpi`, kuchuluka kwa mapikiselo pa inchi imodzi. Tengani mapikiselo a nsombayo, gawani ndi 300, mupeza mainchesi. Chulukitsani ndi 25.4, mwapeza mamilimita. Basi.

Bambo Mbewe: Madzulo abwino nonse. Ndawerenga zonse. Tadala, tisanayambe kuloza zala uku ndi uku, tandiuzani mmene munaikira sikelo, chilichonse chimene munadina, ndi manambala amene munaona.

Tadala: Zikomo bambo. Ndinatsegula chithunzi ndi `File > Open`. Ndinatenga chida cha mzere wowongoka, n'kukoka mzere pa rula kuyambira pa 0 mpaka pa 10 sentimita. Kenako `Analyze > Set Scale`. Pa `Distance in pixels` panali patalembedwa kale 1050. Pa `Known distance` ndinalemba 100, pa `Unit of length` ndinalemba `mm`, ndipo `Pixel aspect ratio` ndinaisiya pa 1.0. M'munsi munatuluka `10.5 pixels/mm`. Ndikakoka mzere kuchokera kumlomo kwa nsomba mpaka kumchira n'kudina `M`, imandipatsa 60.

Bambo Mbewe: Pamenepo palibe cholakwika. Mwachitanso bwino kukoka mzere wautali wa mamilimita 100. Ambiri amakoka sentimita imodzi yokha, yomwe pa chithunzi chanu ikanakhala mapikiselo 105. Dzanja likaphonya ndi mapikiselo awiri pa 105, mwalakwitsa kale ndi 2 peresenti, ndipo kulakwa kumeneko kumalowa mu nsomba iliyonse. Mapikiselo awiri omwewo pa 1050 sakhala kanthu.

Che Jafali, njira yanu ndi yoona pa ntchito yanu, koma ikuyankha funso lina. Ikutiuza kuti chithunzi chidzakula bwanji papepala, osati kuti nsombayo inali yotalika bwanji. Nsomba ya Tadala yatenga mapikiselo 630, poti 60 kuchulukitsa ndi 10.5 ndi 630. Mukatsata njira yanu mupeza mamilimita 53, ndipo muganiza kuti mwayandikira 56. Zangochitika mwangozi. Akanakweza foni kawiri kutalika kwake, nsomba yomweyo ikanatenga mapikiselo pafupifupi 300, inu n'kunena kuti ndi inchi imodzi. Pikiselo payokha ilibe kukula. Kukula kwake kumadalira kuti kamera inali patali bwanji ndi chinthucho.

Che Jafali: Ndamva bambo. Koma pa sikana nanga? Ndikasikana chiphaso pa 300 n'kuchisindikiza pa 300 chimatuluka ndendende.

Bambo Mbewe: Pa sikana mukunena zoona, chifukwa chinthu chimagona pagalasi, mtunda sumasintha. Pa 300 `dpi` milimita imodzi ndi mapikiselo 11.81, ndipo mutha kulemba `Distance in pixels` 300, `Known distance` 25.4, osafuna rula. Koma sikana simungapite nayo kudoko kukagonekapo matemba aawisi.

Tadala, tumizani chithunzi chimodzi ndichione. Mutumize ngati `Document` kuti chisachepetsedwe.

Tadala: Ndatumiza bambo.

Bambo Mbewe: Ndachiona. Rula yagona pati?

Tadala: Pa benchi, pambali pa bolodi. Sindinafune kuti inyowe ndi madzi a nsomba, ndi yobwereka.

Bambo Mbewe: Nanga bolodiyo ndi yokhuthala bwanji, ndipo foni inali m'mwamba motani?

Tadala: Ndayeza pompano, bolodi ndi masentimita awiri. Foni ndinkaigoneka pa kachimango kamatabwa kamene kalipentala wina wa ku Chinamwali anandikhomera, kali ndi bowo la kamera. Kuchokera pa benchi kufika pa bowolo ndi masentimita 30.

Bambo Mbewe: Vuto lanu lapezeka, ndipo si la ImageJ. Rula ili pa mamilimita 300 kuchokera ku kamera, pamene nsomba zili pa 280 chifukwa bolodi yazikweza. Chinthu chimene chayandikira kamera chimaoneka chachikulu. Tambasulani mkono, muike chala chachikulu patsogolo pa diso, muona chikuphimba mbali yaikulu ya phiri la Zomba. Zachitika apa ndi zomwezo, kungoti pang'ono.

Tiwerengere limodzi. 300 kugawa ndi 280 ndi 1.071. Ndiye chilichonse chimene chili pamwamba pa bolodi chikukula ndi 7 peresenti poyerekeza ndi rula. Tengani 56 muchulukitse ndi 1.071, mupeza 60. Tengani 70, mupeza 75. Ndi manambala anu omwe aja.

Ndinayamba kukayikira zimenezi chithunzi ndisanachione, ndipo ndikufuna nonse muone chifukwa chake. Choyamba, nsomba zonse zinatalika, palibe inachepa. Dzanja lonjenjemera limalakwitsa mbali zonse, pena kuonjeza pena kuchepetsa. Chachiwiri, kusiyanako kunkakula ndi nsomba: yaifupi yasiyana ndi 4, yaitali yasiyana ndi 5. Zikatero ndiye kuti sikelo ndi imene yapotoka. Chikhala kuti nsomba iliyonse yasiyana ndi mamilimita 4 ndendende, ndikanati mwina pa veniya mukulekezera pamene mchira wagawikana, pamene pa chithunzi mukufika kunsonga.

Tadala: Mayo ine. Masentimita awiri okhawo? Ndiye zithunzi zonse 42 zatayika? Ndalama yobwerera ku Kachulu ndilibe, komanso nsomba za tsiku lija sizibweranso.

Bambo Mbewe: Musataye mtima. Pa chithunzi chilichonse muli chinthu china chimene chili pa msinkhu umodzi ndi nsomba, ndipo chinthucho muli nacho m'manja: bolodi yomweyo. Iyezeni m'lifupi mwake, nkhope yapamwamba, ndi rula yachitsulo. Kenako pa chithunzi kokani mzere kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete, pamalo omwewo munayeza. Kulitsani chithunzi ndi `+` poika nsonga za mzerewo, ndipo samalani kuti mugwire m'mphepete mwa pamwamba, osati mthunzi wa pa benchi. Bolodiyo ikhale rula yanu yatsopano.

Tadala: Ndachita. Bolodi ndi mamilimita 200 m'lifupi. Pa chithunzi mzere wakwana mapikiselo 2250. Sikelo yatuluka `11.25 pixels/mm`. Nsomba ija ya mapikiselo 630 tsopano ikuti 56.0! Bambo Mbewe, Mulungu akudalitseni.

Yamikani: Eee, zatheka. Ndiye kuti usavutike kubwereza ka 42, chonga kabokosi ka `Global` mu `Set Scale`. Sikelo imodzi igwira pa zithunzi zonse zimene utsegule.

Bambo Mbewe: Yamikani, `Global` imachita zimene mwanenazo, koma apa ndikanaisiya. Imathandiza pamene kamera yamangidwa malo amodzi osasuntha, monga pa maikulosikopu lenzi isanasinthidwe. Kudoko chimango chimanyamulidwa, benchi imagwedezeka, munthu amatha kukhudza zumu osadziwa. `Global` sidziwa zonsezo, imangopaka sikelo yakale pa chithunzi chatsopano mwakachetechete. Chizindikiro chake n'chakuti pa dzina la chithunzi pamwamba pamabwera `(G)`. Mukaiona musanafune, bwererani mu `Set Scale` mukaichotse.

Apa ndi pamenenso nkhani yanu ya WhatsApp imalumira. Chithunzi chikachepetsedwa, rula ndi nsomba zimachepa limodzi, ndiye mukaika sikelo pa chithunzi chomwecho yankho silipotoka, mumangotaya kuthwa kwa timizere ta rula. Koma mukaika sikelo pa chithunzi cha 4000, `Global` ili yochonga, n'kutsegula china chimene chafika 1600, nsomba ya mapikiselo 630 yasanduka 252, ndipo mulemba mamilimita 22 m'malo mwa 56.

Yamikani: Ndizo zinandichitikira ndithu. Ine ndinangoti WhatsApp imawononga miyeso, osadziwa kuti `Global` inalinso m'kati.

Mayi Nachisale: Ndakhala ndikungowerenga, koma nkhaniyi yandikhudza. Ine ndili kumbali ya Thondwe, timayeza masamba a chimanga amene adyedwa ndi ntchemberezandonda. Timafuna kukula kwa malo odyedwawo, osati kutalika. Anyamata amajambula tsamba lili pa phesi, mnzawo atagwira rula kumbuyo kwake. Kodi nafenso tikulakwitsa ndi 7 peresenti imeneyi?

Bambo Mbewe: Mayi, kwa inu zimaposa pamenepo. Poyeza malo, kulakwa kumalowa kawiri, m'litali ndi m'lifupi. 1.071 kuchulukitsa ndi 1.071 ndi 1.148, kutanthauza pafupifupi 15 peresenti. Ndipo rula yogwira pamanja kumbuyo kwa tsamba mtunda wake umasintha pa chithunzi chilichonse, ndiye simungakonze ndi nambala imodzi ngati Tadala. Tsamba la chimanga limapindikanso ngati ngalande. Ngati mungathe kulidula, ligonekeni pa pepala loyera, rula pambali pake pa pepala pomwepo, mulipsinje ndi galasi. Kapena musikane monga anenera Che Jafali.

Mayi Nachisale: Kudula sitingathe, timatsatira tsamba lomwelo sabata ndi sabata. Koma ndifunse: lipoti lathu limangofuna gawo la tsamba limene ladyedwa, mwachitsanzo 12 pa 100. Pamenepo rula ikufunikabe?

Bambo Mbewe: Funso labwino kwambiri. Ngati mukugawa malo odyedwa ndi malo a tsamba lonse pa chithunzi chomwecho, sikelo imadzichotsa yokha, mutha kuwerengera m'mapikiselo. Chotsala ndi kupindika kuja, chifukwa mbali imene yapendekeka imaoneka yaing'ono. Pezani kabolodi kopanira mapepala, mukalowetse kuseri kwa tsamba lili pa phesi, muliwongole ndi pulasitiki yoonekera. Mukamata rula pa kabolodiko mwapeza zonse ziwiri.

Mayi Nachisale: Tiyesa Lolemba. Nkhawa yanga ndi kunyezimira kwa pulasitiki padzuwa, kumasokoneza `Threshold`, chida cha ImageJ chosiyanitsa malo owala ndi akuda. Mwina tizipita m'mamawa kapena wina azigwira ambulera.

Limbani: Bambo Mbewe, ine ndili ndi chikayiko pa nkhani ya matemba. Mwati bolodi ili pa msinkhu umodzi ndi nsomba. Koma nsomba ili ndi thupi. Ikagona chammbali, mlomo wake sukhudza bolodi, uli m'mwamba pang'ono. Ndiye kulakwa kuja sikunathe.

Bambo Mbewe: Mwaona bwino, sikunatheretu. Kwa matemba mlomo umakwera mamilimita atatu kapena anayi, mchira uli pansi pa bolodi. Ngakhale titati nsomba yonse yakwera ndi 4 pa 280, ndi peresenti imodzi ndi theka, osakwana milimita imodzi pa nsomba ya 56. Ine ndingazilandire, bola zilembedwe mu lipoti. Koma kwa makumba aakulu kapena mlamba, amene thupi lake ndi lonenepa, pamenepo rula iyenera kukwezedwa pa kathabwa kuti ifanane ndi pakati pa thupi la nsomba.

Njira ina ndi kutalikitsa kamera. Masentimita awiri a bolodi aja, foni ikanakhala pa 60, bwenzi kulakwa kuli 600 kugawa ndi 580, peresenti zitatu ndi theka basi. Mukatalikira, kusiyana kwa misinkhu kumachepa mphamvu.

Yamikani: Koma mukatalikira nsomba ichepa pa chithunzi. Ndiye muzuma?

Limbani: Zumu ya mafoni athu ambiri imangodula chithunzi n'kuchifufumitsa, sionjezera kanthu. Bola osazuma. Pa masentimita 60 Tadala akhalabe ndi mapikiselo asanu pa milimita, okwanira matemba.

Yamikani: Yanga ili ndi lenzi yachiwiri ya `2x`, imeneyo si yodula ayi.

Limbani: Ilipo inde pa mafoni ena, koma kukachita kamdima kapena ukayandikira kwambiri, foni imatha kubwerera ku lenzi yoyamba osakuuza aise. Ine sindiikhulupirira.

Bambo Mbewe: Pa zimenezo gwirizanani nokha achinyamata, mafoni mumawadziwa kuposa ine. Changa n'chakuti rula ikakhala m'chithunzi chilichonse, pamalo oyenera, zilibe kanthu kuti foni yasankha lenzi iti.

Che Jafali: Nanga munthu akakhala kumunda alibe rula? Ndimaona ena amaika ndalama yachitsulo pambali.

Limbani: Ndalama ndi yaifupi kwambiri, ndi vuto lija la mzere waufupi. Khadi la ku banki ndiye labwinopo, onse amapangidwa mamilimita 85.6 m'litali ndi pafupifupi 54 m'lifupi, ndipo ndi lopyapyala. Kungoti mutenge lakutha ntchito, mumate manambala ake, chifukwa zithunzi zimayenda. Pepala la A4 nalonso ndi 210 kwa 297, koma likanyowa limakwinyika.

Bambo Mbewe: Khadi lili ndi ubwino winanso: limakuuzani ngati foni inapendekeka. Ikani sikelo ndi mbali yaitali, kenako yezani mbali yaifupi. Ikapanda kutuluka 54, kamera sinayang'ane pansi molunjika. Tadala, chitani chimodzimodzi ndi bolodi yanu. Yezani m'lifupi mwake kumtunda kwa chithunzi, muyezenso kumunsi. Zikasiyana, mwachitsanzo 2250 uku 2180 uko, chithunzicho chinapendekeka ndipo sikelo imodzi singakwanire nsomba zonse zili mmenemo.

Ndionjezepo za rula. Marula amatabwa a kusukulu ndi okhuthala, timizere take timakhala mamilimita angapo pamwamba pa tebulo, ndipo kunsonga kumakhala kodyeka. Yachitsulo yopyapyala ndiye yabwino. Ngati muli ndi yamatabwa yokha, yambirani pa 1 mpaka pa 11, osati kunsonga.

Tadala: Mwadzuka bwanji. Ndachezera usiku wonse, nazi zimene ndapeza. Matemba 20 a ku labu aja tsopano akugwirizana ndi veniya, kusiyana sikukupitirira milimita imodzi, kupatula awiri amene anapindika. Amenewo ndagwiritsa `Segmented Line`, ndadina batani lakumanja la mausi pa chida cha mzere n'kusankha, kenako kutsata msana wa nsomba, ndipo ayandikira. Pa zithunzi 42 zija, 34 bolodi ikuoneka yonse ndipo ndaziika sikelo chimodzichimodzi. Manambala akusewera pakati pa 11.2 ndi 11.3. Koma nditatsegulanso zina m'mawa uno sikelo yasowa, zabwerera ku mapikiselo.

Yamikani: Unasunga ngati JPEG eti? Simasunga sikelo imeneyo. Panga `File > Save As > Tiff`, ukadzatsegula upeza `mm` ali pomwepo. Ndipo JPEG ukamaisunga mobwerezabwereza imanka iwonongeka, zoyambirira zija usazikhudze.

Limbani: Lembanso mapikiselo a bolodi a chithunzi chilichonse mu Excel, pambali pa dzina la fayilo. Sikelo ikasowa sufunikanso kukoka mzere, umangotsegula `Plugins > New > Macro` n'kuyendetsa kamzere aka, kusintha nambala yoyambayo:

```
run("Set Scale...", "distance=2250 known=200 unit=mm");
```

Ndipo nsomba iliyonse ukaikokera mzere dina `T` kuti ulowe mu `ROI Manager`. Aphunzitsi akadzafunsa kuti unayeza kuchokera pati, udzawaonetsa mzere weniweniwo.

Tadala: Zikomo nonse. Zatsala zisanu ndi zitatu zimene bolodi inadulidwa mbali imodzi. Pa zisanu ndi chimodzi rula ikupereka mapikiselo 1050 monga zinzake. Ziwiri zomaliza ndinajambula foni ili m'manja chifukwa mwini benchi ankaifuna, ndinaika zonse pansi. Pa chimodzi rula ikupereka 890, pa chinacho 905.

Bambo Mbewe: Zisanu ndi chimodzizo n'zosavuta. Rula ikuchitira umboni kuti kamera inali pa msinkhu womwe uja, ndiye 11.25 igwira. Mulembe m'lipoti kuti munatero. Ziwiri zam'manjazo ine ndikanazisiya. Ndi nsomba 20 pa 420, ndipo foni yam'manja kawirikawiri imakhala yopendekeka.

Limbani: Ine ndikuona kuti zingapulumuke bambo. Ngati pa 300 rula imapereka 1050, ndiye 890 ikutanthauza kuti foni inali pa mamilimita 354. Chotsani 20 a bolodi, atsala 334. Sikelo ya pa bolodi ikhala 8.9 kuchulukitsa ndi 354, kugawa ndi 334, yomwe ndi 9.43.

Bambo Mbewe: Masamu anu ali bwino Limbani, sindikutsutsa. Koma akudalira kuti foni inali yogona bwinobwino ndiponso kuti rula ndi bolodi zinagona pamalo osalala. Pansi pa ku Kachulu ndi dothi, rula itha kukhala itatsamira pa chibuma. Popanda mbali zonse za bolodi tilibe poyesera.

Limbani: Mbali ziwiri zoyang'anana zikuonekabe pang'ono m'litali mwake. Zikakhala kuti sizikupita kokumana, kupendekekako n'kochepa.

Tadala: Pa chimodzi zikuoneka, pa chinacho dengu la mayi wogula nsomba latchinga. Ndiziyeza zonse ziwiri m'njira ya achimwene a Limbani koma ndiziika padera, osasakaniza ndi zinazo, ndikawaonetse aphunzitsi Lachinayi anene okha. Mwezi wamawa tikupita ku Domasi kukayeza ana a makumba a m'madamu. Ndagula rula yachitsulo ya masentimita 30, ndikufuna kuimata pa bolodi penipenipo. Alipo akudziwa guluu amene sangamatuke ndi madzi?

Che Jafali: Osavutika ndi guluu achemwali. Bwerani nayo, tiboola timabowo tiwiri kunsonga, timange ndi tizisikuluwu. Ndimatsegula 7 koloko.